Usiku Wake Uti? Kulemba Mitu ya Magawo a Filimu Patsinde pa Michesi

Tinalipo asanu m'gulu lathu, tonse ophunzira zauphunzitsi, ndipo ntchito imene tinapatsidwa inali yopanga kafilimu kakafupi koti tikaphunzitsire ana a sekondale. Mmodzi wa ife kwawo ndi ku Phalombe, m'mudzi wina umene uli kumadzulo kwa phiri la Michesi. Iyeyu anakula akumva agogo ake akusimba za napolo wa mu Marichi 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phirimo n'kupha anthu mazanamazana. Iye mwini anadzaona zofanana ndi zomwezo mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Choncho tinagwirizana kulemba nkhani ya mtsikana ndi agogo ake, kuyambira m'mawa wa tsiku limene kunagwa napolo mpaka m'mawa wa tsiku lotsatira. Inakwana masamba asanu ndi atatu, magawo 11.

Kamera tinalibe. Tinapempha mkulu wina amene amajambula maukwati, ndipo anavomera kutipatsa masiku awiri okha, Lamulungu ndi Lolemba, kumapeto kwa Marichi. Atalandira sikiripiti yathu sanawerenge zokambirana za anthu. Anangoyendetsa chala pa mizere ya zilembo zikuluzikulu, n'kuima pa gawo lachisanu ndi chiwiri.

"Apa mwalemba kuti usiku. Usiku wake uti?"

"Usiku basi, achimwene. Kunja kwada."

"Kukada ine ndiye ndijambula chiyani? Kamera siona mdima."

Funso limeneli linatiphunzitsa chimene tikufuna kufotokoza pano. Mutu wa gawo ndi kalata yaifupi yopita kwa wojambula, ndipo nkhani ya m'kalatayo ndi kuwala.

Mzere umodzi, mayankho atatu

Gawo, limene anthu a mafilimu amalitchula kuti sini, ndi zonse zochitika pamalo amodzi m'nthawi imodzi yosadukiza. Malo akasintha, kapena nthawi ikadumpha, gawo latsopano layamba, ndipo limayamba ndi mutu wake. Mutuwo umalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pamzere wakewake:

```
INT. NYUMBA YA AGOGO - USIKU
EXT. PABWALO PA AGOGO - M'MAWA
```

Mzere uliwonse ukuyankha mafunso atatu motsatana. `INT.` akutanthauza kuti kamera ili m'kati, `EXT.` kuti ili panja. Kenako pakubwera malo, ndipo kumapeto, patsogolo pa kamzere, pakubwera nthawi. Zilembo za `INT.` ndi `EXT.` tinazisiya mmene zilili ngakhale sikiripiti yathu inali ya Chichewa, chifukwa mapulogalamu olembera mafilimu, monga `Final Draft`, komanso kalembedwe ka `Fountain`, amazindikira mutu wa gawo poona zilembo zimenezi kumayambiriro kwa mzere. Malo ndi nthawi munthu angazilembe m'chinenero chimene gulu lake likumva.

Wosewera akaona `INT.` amangodziwa kuti alowa m'nyumba. Wojambula amamva zina. Kwa iye `EXT.` masana ndiye kuti mwini kuwala ndi dzuwa, ndipo iye angosankha nthawi ndi mbali yoimako. `INT.` ndiye kuti kuwala kulowera pakhomo kapena pawindo, kapena abweretse yekha. Mawu akuti usiku amamuuza kuti awerengere nyali, mabatire ndi nthawi yokonzekera. N'chifukwa chake zimene zikulembedwa ndi malo a kamera, osati malo a munthu. Ngati mtsikana waima panja koma ife tikumuona tili m'nyumba kudzera pakhomo, gawolo ndi `INT.`, pakuti wojambula alimbana ndi mdima wa m'nyumba pamodzi ndi kuwala kwa panja.

Kufupika kwa mzerewu kuli ndi chifukwa. Filimu sijambulidwa motsatira nkhani. Magawo onse a malo amodzi ndi kuwala kofanana amasonkhanitsidwa n'kujambulidwa pamodzi, ngakhale lina lili patsamba loyamba, lina patsamba lomaliza. Wokonza ndondomeko ya ntchito amawerenga mitu yokha. Mutu ukatalika n'kudzaza ndi zofotokoza, iye satha kuusanja. Ukafupika mpaka kubisa kuwala, wojambula amafika pamalo asanakonzeke.

Mawu athu a nthawi, ndi mtengo wake

Masikiripiti ambiri a Chingerezi amangogwiritsa ntchito `DAY` ndi `NIGHT`, n'kuwonjezera `DAWN` kapena `DUSK` pokhapokha nkhani ikafunadi. Chichewa chili ndi mawu ochuluka: m'bandakucha, m'mamawa, m'mawa, masana, dzuwa lili paliwombo, dzuwa litapendeka, madzulo, chisisira, pakati pa usiku. Poyamba tinasangalala nawo, tikumawamwaza paliponse kuti nkhani ikome. Wojambula uja anatibweza. Anati mawu aliwonse otere ndi ngongole imene iye adzalipire ndi nthawi.

Tiyeni tione chifukwa chake. Kumapeto kwa Marichi ku Phalombe dzuwa limatuluka cha m'ma 5:40 m'mawa ndipo limalowa cha m'ma 5:45 madzulo. Ife amene tinazolowera kufunsa nthawi yolowera dzuwa Lachisanu lililonse tikudziwa kuti nthawiyi imayenda ndi nyengo: mu Juni limalowa cha m'ma 5:15, mu Disembala limapitirira 6 koloko. Koma chimene ambiri sitinachiganizirepo n'chakuti kwathu kuno, kufupi ndi pakati pa dziko lapansi, dzuwa limatsika molunjika. Likangolowa, kuwala kotsala kumene munthu angajambulire popanda nyali kumatha m'mphindi 20 kapena 25. M'bandakucha ulinso chimodzimodzi.

Tsono mwambo wa olemba mafilimu umati tsamba limodzi la sikiripiti limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Koma mphindi imodziyo sijambulidwa m'mphindi imodzi. Pamafunika kujambula patali, kujambula pafupi nkhope ya uyu, kenako ya uyo, ndipo chilichonse kubwereza kangapo wosewera akaiwala mawu kapena mbuzi ikalira. Ife tinali titalemba `CHISISIRA` pa gawo la masamba awiri la agogo ndi mdzukulu akukambirana pakhonde. Zimenezo sizikanatheka m'chisisira chimodzi, ndipo tikanayesa, chithunzi choyamba chikanakhala chowala, chomaliza chakuda, ngakhale m'nkhani padutsa masekondi khumi okha.

Tinatsatira lamulo ili: mawu a nthawi yaifupi apite pa gawo lalifupi, losapitirira theka la tsamba, komanso pokhapokha ngati nkhani ingawonongeke popanda kuwala kumeneko. Kukambirana kwa pakhonde tinakusintha kukhala `MADZULO`, n'kukuika pamthunzi wa denga, pamene kuwala sikusintha msanga. Pa magawo 11, awiri okha ndi amene anatsala ndi mawu a nthawi yaifupi.

Phiri nalo lili ndi wotchi yake

Cholakwa chathu chachikulu sitinachione tili ku koleji. Gawo loyamba tinalilemba chonchi:

```
EXT. PABWALO PA AGOGO - M'MAWA

Dzuwa likutuluka. Mtsikana akusesa.
```

Tinadzuka 5 koloko Lamulungu, kamera n'kuimikidwa, mtsikana tsache lili m'manja. Nthawi ya 5:40 inakwana, kumwamba kunayera, koma dzuwa osaoneka. Linali kuseri kwa Michesi. Phirili ndi lalitali kupitirira mamita 2,000, ndipo mudziwo uli patsinde pake chakumadzulo. Dzuwa linasuzumira pamwamba pa phiri itangokwana 7 koloko, ndipo silinali lofiira ngati limene tinkaliganizira polemba. Linali litakwera kale, loyera ndi lakuthwa, la anthu amene ali kale kumunda. Mnzathu wa kumudziko anaseka n'kunena kuti chibadwire sanaonepo dzuwa lofiira la m'mawa ali pakhomo pawo. Kwawo kufiira kumabwera madzulo, dzuwa likamalowa kuchigwa n'kumenya phiri kumaso.

Munthu wolemba za mudzi wa kutsidya, kudutsa mpata wa Fort Lister kupita cha ku Nkhulambe, angapeze zosiyana. Kumeneko mapiri ali chakumadzulo, choncho m'mawa umabwera msanga ndipo mthunzi umagwa dzuwa lisanalowe. Wa kuchigwa cha kufupi ndi nyanja ya Chilwa amaliona dzuwa likutuluka ndi kulowa pafupifupi pa nthawi ya pakalendala. Mawu amodzi omwewo, m'mawa, ali ndi kuwala kutatu m'boma limodzi.

Pali njira yapafupi yoyezera. Imani pamalo pamene mudzajambulire, tambasulani mkono, fumbatani chibakera, ndipo muwerenge kuti ndi zibakera zingati kuchokera pamlingo wa maso anu kufika pamwamba pa phiri, mbali yotulukira dzuwa. Chibakera chimodzi ndi madigiri pafupifupi 10, ndipo dzuwa limakwera pafupifupi madigiri 15 pa ola, kotero chibakera chimodzi ndi mphindi ngati 40. Pabwalo lathu zinakwana ziwiri, ndiye kuti ola ndi mphindi 20. Tikanayeza tsiku loyamba limene tinakaona malowo, tikanadziwiratu za 7 koloko.

Tinalembanso mutuwo usiku womwewo kuti tijambule Lolemba:

```
EXT. PABWALO PA AGOGO - M'MAMAWA

Kwayera koma dzuwa likadali kuseri kwa Michesi.
Palibe chithunzithunzi. Utsi wa kukhitchini
ukukwawa pansi. Mtsikana akusesa.
```

Tinapeza kuti phiri limene linatisokoneza linatipatsanso mphatso. Kuwala kofewa kopanda zithunzithunzi, kumene kuchigwa kumatha m'mphindi zochepa, patsinde pa phiri kumakhala kupitirira ola lathunthu, ndipo sikusintha kwambiri. Apa `M'MAMAWA` sanalinso ngongole yolemera.

Mutu unene zoona, mzere wotsatira unene kuwala

Taonani kuti m'chitsanzochi mutu wakhalabe waufupi. Za phiri, za utsi ndi za zithunzithunzi zapita pamzere woyamba pansi pake. Uku ndiko kugawana ntchito kumene tinaphunzira. Mutu ndi wa aliyense amene akusanja ntchito. Mzere woyamba ndi wa wojambula, ndipo usanafotokoze chimene munthu akuchita, uyankhe mafunso awa: kuwala kukuchokera kuti, ndi kofewa kapena kwakuthwa, nanga n'chiyani chimene sichikuoneka?

Apa ndi pamene pamalowera mmene gawo liyenera kumvekera mumtima mwa woonera. Poyamba tinkalemba maganizo athu m'mutu mwenimwenimo. Gawo lachisanu ndi chimodzi linali chonchi:

```
INT. NYUMBA YA AGOGO - USIKU WOOPSA
```

Wojambula anatifunsa kuti kuopsako akakugule kuti. Mantha sajambulika. Chimene chimajambulika ndi nkhope imene theka lake lili mumdima, kapena lawi limene likugwedezeka pamene anthu akhala chete. Anatifunsa funso limodzi: m'nyumba ya agogowa usiku mumayaka chiyani? Tinakangana. Wina anati kandulo, wina tochi ya mabatire, wina babu la sola. Mnzathu wa kumudziko anati agogo ake amasungabe koloboyi, ngakhale palafini amagula mwa apo ndi apo.

Kusankhaku sikunali kwa zokongoletsa chabe. Lawi la koloboyi ndi lofiirira ndipo ndi lofooka. Limawalitsa amene ali pafupi, ndipo munthu akasuntha kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita awiri, kuwala kofika pa iye kumatsika kanayi, osati kawiri. Ndiye kuti makoma amakhala akuda ndipo anthu awiriwo amakakamizika kuyandikana. Babu la sola lopachika kudenga limayera mbuu, limawalitsa chipinda chonse mofanana, ndipo limasiya maenje akuda m'maso mwa anthu. Tochi imaloza chinthu chimodzi n'kubisa zina zonse. Nkhani yathu inkafuna kuti awiriwa akhale ngati ali pakachilumba, choncho tinalemba:

```
INT. NYUMBA YA AGOGO - USIKU

Koloboyi mmodzi ali pansi, pakati pa awiriwo.
Makoma sakuoneka. Mphepo yolowera pansi pa
chitseko ikugwedeza lawi.
```

Palibe pamene talemba mawu akuti mantha. Koma koloboyi ali pansi, ndiye kuti nkhope zikuwala kuchokera m'munsi, zimene diso la munthu silinazizolowere. Makoma sakuoneka, ndiye kuti woonera sakudziwa chimene chili kumbuyo kwa agogo. Wojambula atawerenga anadziwa chochita. Lawi lenileni linali lofooka kwambiri kwa kamera yake, choncho anabisa kanyali ka batire kuseri kwa mtondo, mbali yomweyo ya koloboyi, n'kukaphimba ndi pepala lofiirira kuti kuwala kwake kufanane ndi kwa lawi. Ife sitinalembe zimenezo, ndipo sitinayenera kulemba. Tinangomuuza chimene woonera ayenera kukhulupirira kuti chikuwalitsa chipindacho.

Gawolo tinalijambula 2 koloko masana, titatseka windo ndi mabulangete. Mutu unakhalabe `USIKU`, pakuti mutu umanena nthawi ya m'nkhani, osati nthawi ya pa wotchi ya wojambula.

Gawo lachisanu ndi chiwiri

Tibwerere ku funso lija. Gawo limeneli ndi pamene mtsikana ndi agogo amva mkokomo kuphiri n'kuthawa. Tinali titalemba:

```
EXT. NJIRA - USIKU

Mwezi ukuwala. Mvula ikugwa kwambiri. Akuthawa.
```

M'mizere iwiriyi munali zolakwa zitatu. Choyamba, njira yake iti? M'sikiripiti munali njira ya kumjigo ndi njira yokwera kuchitunda, ndipo wokonza ndondomeko sakanadziwa kuti gululo lipite kuti. Chachiwiri, mwezi ndi chimvula sizikhalira pamodzi. Mitambo yobweretsa napolo imatseka kumwamba konse, ndipo aliyense wa ku Phalombe amene anapulumuka usiku wotere akanadziwa pomwepo kuti olembawa sanaliko. Mwezi tinauika chifukwa choopa mdima, osati chifukwa nkhani inkaufuna. Chachitatu, tikauchotsa mwezi, sitinasiye chilichonse choti kamera ionere.

Tinafunsa mnzathu uja kuti usiku wa Freddy ankaona ndi chiyani. Anati tochi ya pafoni basi, ndipo inkangoonetsa madontho a mvula ndi matope a patsogolo pa mapazi. Anthu ena ankawadziwa ndi mawu, kapena ndi timatochi tawo tikuyendayenda patali. Yankho limenelo linalowa m'sikiripiti pafupifupi mmene analinenera:

```
EXT. NJIRA YA KUCHITUNDA - USIKU

Kulibe mwezi. Tochi ya pafoni ya mtsikana ndiyo
yokha ikuwala: matope, mapazi a agogo, mvula.
Patali, timatochi tina tikukwera chitunda.
```

Mzere womalizawo unagwira ntchito ziwiri. Unauza woonera kuti mudzi wonse ukuthawa popanda ife kusonkhanitsa khamu la anthu, pakuti ana asanu ndi mmodzi onyamula matochi anakwanira. Unapatsanso chithunzicho kuya, chifukwa mdima wopanda kanthu kowala kumbuyo umaoneka ngati nsalu yakuda yopachikidwa.

Wojambula anasankha kujambula gawoli m'chisisira, osati usiku weniweni. Anadikira kuti dzuwa lilowe, n'kuchepetsa kuwala kolowa m'kamera mpaka kumwamba kunatsala kobiriwira mwakuda, phiri likuoneka ngati chinthu chachikulu chakuda kumbuyo, tochi n'kumawala bwino. Nthawi imene kuwala kwa kumwamba ndi kwa tochi zinalingana sinapitirire kotala la ola. Tinakwanitsa chifukwa gawolo linali la theka la tsamba, lopanda zokambirana, ndipo tinayeserera kuyenda kwake katatu dzuwa lisanalowe. Mvula inali ya m'makeni awiri othirira dimba, othiridwa patsogolo pa kamera, ndipo inaoneka pokhapokha tochi ina itaiwalitsa chakumbuyo. Madontho owalitsidwa kuchokera kumene kuli kamera saoneka.

Malo amodzi, kuwala kuwiri

Gawo lomaliza likuchitikira pabwalo lomwe lija la gawo loyamba, nyumba itagwa. Tinasamala kuti dzina la malo lilembedwe chimodzimodzi, chilembo ndi chilembo. M'kulemba kwathu koyamba malo amodziwa anali ndi mayina atatu: pabwalo, panja pa nyumba, ndi kwa agogo. Wosanja akanayesa kuti ndi malo atatu. Dzina likasankhidwa lisasinthe, ndipo ngati malo ali ndi zigawo, dzina lalikulu liyambe: `NYUMBA YA AGOGO - KUCHIPINDA`, kenako nthawi.

Malo akakhala amodzi, kusiyana konse kumatsalira kuwala:

```
EXT. PABWALO PA AGOGO - M'MAWA (TSIKU LACHIWIRI)

Dzuwa ladutsa pamwamba pa Michesi, loyera ndi
lakuthwa. Matope akunyezimira. Palibe pobisala.
```

Tinakangana ngati m'mawa wachisoni suyenera kukhala wa mitambo. Ambiri timaganiza choncho: chisoni ndi mdima, chimwemwe ndi dzuwa. Koma woonera anali atakhala mphindi zitatu mumdima akuona zidutswa zokha, ndipo chimene chikanamupweteka tsopano ndi kuona zonse nthawi imodzi. Dzuwa la 7 koloko limene linatikhumudwitsa Lamulungu ndilo linali loyenera gawoli. Lolemba tinajambula gawo loyamba kuyambira 5:45, tinamwaza matope ndi zidutswa za njerwa pabwalo, ndipo dzuwa litangotuluka paphiri tinajambula gawo lomaliza, kamera ili pamalo omwewo.

Mawu akuti `TSIKU LACHIWIRI` amathandiza nkhani ikadutsa masiku angapo. Amauza wovala kuti zovala zikhale zonyowa ndi zamatope, ndipo amauza wojambula kuti kuwala sikuyenera kufanana ndi kwa gawo loyamba. Nyengo nayo ilembedwe kamodzi, pa gawo loyamba, ngati nkhani yadalira pa iyo. Marichi wa chimanga chobiriwira ndi mitambo yolemera sangajambulidwe mu Julayi, pamene minda ili mapesi okhaokha ndipo chiperoni chimaphimba mapiri ndi nkhungu ndi mvula yowaza kwa masiku angapo. Sangajambulidwenso mu Okutobala, pamene utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimachititsa phiri kuoneka lotuwa. Amene anaonera filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, imene Chiwetel Ejiofor anaitsogolera ndipo Dick Pope anaijambula ku Kasungu, akumbukira kuti nthawi ya mvula ndi nthawi ya chilala zimadziwika ndi maso munthu asanayankhule.

Mawu awiri obisa kuwala

M'masikiripiti mumapezeka `CONTINUOUS`, kutanthauza kuti gawoli likupitiriza lapitalo popanda kudumpha nthawi, ndi `LATER`, kutanthauza kuti padutsa kanthawi pamalo omwewo. Powerenga nkhani motsatana mawuwa savuta. Vuto limabwera magawo akasakanizidwa pokonza ndondomeko, chifukwa gawo lolembedwa `CONTINUOUS` lokha silinena ngati kuli dzuwa kapena mdima. Ife tinali nalo limodzi, pamene awiriwo akutuluka m'nyumba, ndipo pandandanda woyamba linagwera pakati pa magawo a masana. Kuyambira pamenepo tinkalemba nthawi poyamba, mawuwo pambuyo: `USIKU - CONTINUOUS`.

Gawo lomwelo linatiphunzitsa kuti khomo ndi malire. Munthu akatuluka m'nyumba ndipo kamera ikamutsatira panja, pamafunika mutu watsopano, ngakhale m'nkhani sipanadutse sekondi. Kwa ife m'katimo tinajambula masana, panjapo m'chisisira, ndipo chimene chinalumikiza ziwirizi ndi tochi imene mtsikana anaiyatsa asanatsegule chitseko. Tikanapanda kuilemba kumapeto kwa gawo la m'nyumba, ikanangotulukira m'manja mwake panja ngati matsenga.

Pamene wolemba ayenera kuima

Titazindikira kuti mizereyi ili ndi mphamvu, tinayamba kupitirira malire. Mmodzi wa ife analemba kuti kamera ikhale pansi, iyandikire pang'onopang'ono, ndipo kumbuyo kusaoneke bwino. Wojambula anafufuta zonsezo ndi pensulo. Kusankha galasi la kamera, poimika kamera ndi pobisa nyali ndi ntchito ya iye ndi wotsogolera filimu, ndipo amaisankha ataona malo enieniwo. Wolemba amanena zimene zili m'dziko la nkhaniyo: nthawi, nyengo, chimene chikuyaka, chimene chikuoneka ndi chimene chabisika. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Ngati agogo a m'nkhaniyo angathe kuchiona kapena kuchikhudza, monga koloboyi, mitambo kapena chitseko, chilembeni. Ngati angachione ndi wonyamula kamera yekha, chisiyeni.

Mzere wa kuwala nawonso usatalike. Mizere iwiri kapena itatu ikwanira, ndipo magawo ena safuna n'komwe. Gawo la mtsikana akugula mchere pagolosale masana tinalisiya ndi mutu wokha, chifukwa kuwala kulikonse kukanachita. Magawo onse akadzaza ndi malangizo, wojambula sadziwa kuti ofunika kwenikweni ndi ati.

Kuyesa musanakwere minibasi

Tisanabwerere kukajambula tsiku lachiwiri tinachita chimene tikanayenera kuchita tisanachoke ku koleji. Tinakopera mitu yonse 11 pa timapepala, uliwonse ndi mzere wake woyamba, n'kupatsa mnzathu wina amene sanawerengepo nkhaniyo. Tinamupempha zinthu ziwiri: asanje timapepalato m'milu ya kuwala kofanana, ndipo pa kalikonse anene chimene chikuwalitsa nkhope ya wosewera. Pamene anakayika, mutuwo unali ndi vuto. Anakayika pawiri: pa `CONTINUOUS` uja, ndi pa gawo la kukhitchini limene tinalemba `INT.` pomwe khitchini ya agogowo ndi kachisakasa kopanda makoma, kamene kuwala kwake ndi kwa panja.

Kenako tinawerenga mitu yokhayo motsatira nkhani, mokweza: m'mamawa, masana, masana, madzulo, chisisira, usiku, usiku, usiku, usiku, m'bandakucha, m'mawa. Nkhani yonse inamveka m'mawu amenewo, kuwala kukuchepa pang'onopang'ono mpaka kutsala tochi imodzi, kenako n'kubwerera. Ngati mndandanda wotere ukudumphadumpha popanda chifukwa, kapena ngati uli masana okhaokha, woonera adzatopa ngakhale zokambirana zitakoma.

Chifukwa cha m'mawa umene tinataya Lamulungu, gawo la m'bandakucha silinajambulidwe, ndipo filimu yathu ili ndi magawo khumi. Tinakaionetsa kumudzi kuja pa laputopu, pakhonde lomwe lija. Itafika pa timatochi tokwera chitunda, agogo a mnzathu anatiuza kuti tiimitse. Anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anati mu 1991 kunalibe mafoni, anthu ankayenda ndi miyuni ya udzu imene inkazima ndi mvula. Tinalemba zimenezo kuseri kwa sikiripiti, pansi pa mutu wa gawo limene sitinalilembe.